Kompyuta ikakana kudzuka, yambani mwazula zonse zolumikizidwako

Foni ya mlamu wanga inandipeza Lolemba m'mawa ndisanamwe n'komwe tiyi. "Alamu, kompyuta ija yafa. Magetsi anathima dzulo madzulo, lero ikungoonetsa mdima. Munthu wina wandiuza kuti hadi disiki yapsa."

Mlamu wangayu ali ndi kashopu kotayipa makalata, kupanga fotokope ndi kusindikiza zithunzi. Ntchito yonse imadalira desikitopu imodzi yakale yogula kwa ogulitsa makompyuta ogwirapo kale ntchito kunja. Nditafika ndinapeza anthu atatu akudikira pabenchi ndi mapepala awo, mnyamata wothandiza m'shopumo akungoyatsa ndi kuzimitsa makinawo ngati kuti ulendo wa khumi zisintha. Ndinamuuza kuti ayatsenso kamodzi, ine ndikuyang'ana. Fani inazungulira, chizindikiro cha kampani chinaoneka, kenako uthenga wina wachingerezi umene mnyamatayo anaudumpha msangamsanga podina `F1`. Zitatero sikirini inada, pakona ya kumanzere kumwamba n'kutsala kamzere koyera kongophethira. Tinadikira mphindi zisanu, osasintha kanthu.

Ndinazungulira kuseri kwa tebulo. Kumbuyo kwa bokosilo kunali zingwe zopiringizana ngati chisa cha mbewa: kiyibodi, mawusi, pulinta yaikulu, kapulinta ka zithunzi, sikana, kamodemu ka intaneti, ndiponso habu, kaja kochulukitsa mabowo a USB, kamene makasitomala amalowetsamo mafulashi awo. Kutsogolo kunali kulendewera chingwe chotchajira foni. Zonse pamodzi zinali zisanu ndi zitatu, ndipo chilichonse mwa izi chikanatha kukhala chimene chatsekereza.

Zimadabwitsa anthu kumva kuti pulinta kapena fulashi ingalepheretse kompyuta kudzuka, chifukwa m'maganizo mwathu izi ndi zinthu zakunja, zimene zimayamba kugwira ntchito Windows ikatseguka. Koma Windows si ndiyo imayamba. Mukadina batani loyatsira, imene imayamba ndi pulogalamu yaing'ono yokhala m'kachipu ka pa madabodi, yotchedwa BIOS, kapena UEFI pa makina atsopano. Iyi imayamba yayendera ziwalo zonse, kuona ngati memori ilipo, ngati gawo lotulutsa zithunzi likuyankha. Mayendedwe amenewa amisiri amawatcha POST. Pochita zimenezi imagogodanso pa bowo lililonse la USB n'kufunsa chimene chili momo kuti ndi chiyani, popeza ikufuna kudziwa ngati pali kiyibodi yoti mudinepo, komanso ngati pali disiki ina yoti idzukirepo. Ikamaliza imatenga mndandanda wake wa malo oti isakemo pulogalamu yoyendetsa kompyuta, n'kuyamba ndi amene ali pamwamba. Windows imabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo nayo imabwerezanso kufunsa chipangizo chilichonse, n'kuchipezera dalaivala wake.

Ndiye kuti pali malo angapo pamene ulendo ungathere panjira, ndipo pamene kompyuta yaima pamakuuzani zambiri musanagwire n'komwe chingwe. Ikaima pa chizindikiro cha kampani, osalola ngakhale kuti mulowe mu BIOS, kawirikawiri ndiye kuti yagogoda pa bowo lina ndipo chimene chili momo chikuyankha zosamveka kapena chayamba kuyankha n'kusiyira panjira. BIOS zina sizidziwa kutopa, zimangodikirabe. Ikadutsa chizindikirocho n'kukuonetsani mdima ndi kamzere kophethira, kapena mawu onga `Missing operating system` kapena `Remove disks or other media`, ndiye kuti mayendedwe aja yamaliza bwinobwino, koma yasochera: ikufuna kudzukira pa chinthu chimene mulibe Windows. Ikafika pa timadontho tozungulira tija n'kumangozungulira kosatha, kapena sikirini n'kusanduka yabuluu, mlandu uli pakati pa Windows ndi dalaivala wa chipangizo china.

Pali vuto linanso limene silikhudza mapulogalamu ngakhale pang'ono. Bowo la USB limatulutsa magetsi a mavoliti 5. Mwa lamulo lake, bowo la USB 2.0 limapereka mpaka mamiliampu 500, ndipo la USB 3.0, lija nthawi zambiri limakhala ndi kalilime kabuluu mkati, limapereka mpaka 900. Chingwe chikathetheka mkati, kapena timawaya ta m'bowo tikapindika n'kugundana, magetsi amayenda mopitirira muyeso. Makina ena amadziteteza pokana kuyaka, fani imangogwedezeka n'kuima. Ena amalemba `USB Device Over Current Status Detected` kenako n'kudzizimitsa okha pakatha masekondi 15.

Ya alamu inali yosochera ija. Kamzere kophethira kanandipatsa chiyembekezo kuti hadi disiki ili moyo, kungoti palibe amene waifunsa.

Choyamba ndinazimitsa pogwira batani kwa masekondi angapo mpaka fani itaima. Pa siteji imeneyi kuzimitsa mokakamiza sikuwononga mafayilo, chifukwa Windows sinayambe kulemba kanthu pa disiki. Zimasiyana ngati yaima pa timadontho tozungulira, pamene ndi bwino kuipatsa kaye nthawi, makamaka ngati dzulo lake inali kulandira zosintha zatsopano. Kenako ndinazula chingwe cha magetsi kukhoma n'kugwiranso batani lija kwa masekondi ngati 20. Ambiri amadumpha apa. Desikitopu yozimitsa koma yolumikizidwa kukhoma imakhala ikutumizabe magetsi pang'ono ku madabodi, ndipo makina ambiri amawafikitsa mpaka ku mabowo a USB, n'chifukwa chake foni imatchajika kompyuta ili yozima. Chipangizo chimene chasokonezeka chikhoza kukhalabe chosokonezeka mpaka magetsi amenewa atatheratu.

Ndinajambula kumbuyo kwa bokosilo pafoni kuti ndidzakumbukire chingwe chilichonse pamene chinali, kenako ndinazula zonse. Ndikati zonse ndikutanthauza zonse, kiyibodi ndi mawusi zomwe. Panatsala chingwe cha magetsi ndi cha sikirini basi. Mnyamata uja anafunsa kuti tidina bwanji `F1` popanda kiyibodi, ndipo ananena zoona: makina akale ena amaima n'kudandaula kuti kiyibodi palibe, n'kukuuzani kuti mudine batani pa kiyibodi yomwe palibeyo. Zikatero bwezerani kiyibodi yokha, ya waya, yolowetsa molunjika m'bowo la kumbuyo. Tinachita zomwezo. Uthenga uja unabwera, ndipo ulendo uno ndinamugwira dzanja kuti ndiuwerenge. Unkanena kuti tsiku ndi nthawi sizinatcheredwe. Ndinasunga zimenezo mumtima. Titadina `F1`, Windows inatseguka, mafayilo onse ali m'malo mwake.

Mlamu wanga anaomba m'manja, mnyamata uja n'kuyamba kubwezeretsa zingwe mmodzimmodzi kompyuta ili chiyakire. "Taonani achimwene, zonse zikugwira ntchito." Zinkagwiradi, koma zimenezo sizinatiuze kanthu. Chipangizo chimene chimatsekereza podzuka nthawi zambiri chimakhala chaulemu mukachilowetsa Windows itatseguka kale, chifukwa BIOS yadutsa kalekale. Mukasiyira pomwepo mugwira ntchito tsiku lonse mosangalala, mawa m'mawa mdima uja n'kubwereranso. Kuyesa kwenikweni n'kwakuti muzimitse, mulowetse chinthu chimodzi, muyatse, muone ngati yafika mpaka kumapeto, kenako muzimitsenso.

Kuzimitsa kwakenso kuli ndi msampha. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, mukasankha `Shut down` kompyuta siizima kotheratu. Imasunga mbali ya zimene zinali m'memori, pamodzi ndi madalaivala, n'kudzazitenganso podzuka kuti ifulumire. Izi zimatchedwa `Fast Startup`. Ngati vuto lanu lili pa timadontho tozungulira, zimenezi zingakunamizeni, popeza madalaivala sakuyambira pachiyambi. Gwirani `Shift` pamene mukudina `Shut down`, kapena lembani lamulo ili mu `Command Prompt`:

```
shutdown /s /t 0
```

Tinayamba mwadongosolo. Mawusi, inadzuka. Pulinta yaikulu, inadzuka. Sikana, chimodzimodzi. Ulendo uliwonse unkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, anthu a pabenchi aja akutiyang'ana. Kamodemu ndinkakakayikira kwambiri, chifukwa timamodemu tambiri timadzionetsa kwa kompyuta ngati CD yokhala ndi pulogalamu yake, tina tili ndi polowetsa memori khadi, ndipo BIOS ikhoza kutiyesa disiki. Koma nako kanapulumuka. Habu yopanda fulashi inapulumuka, chingwe cha foni chinapulumuka, kapulinta ka zithunzi kanapulumuka. Zonse zisanu ndi zitatu zinabwerera m'malo mwake ndipo kompyuta inadzuka ngati palibe chinachitika.

Apa ndinasowa chonena. Zimachitikadi kuti kungotaya magetsi otsalira aja kumathetsa vuto, ndipo ndinatsala pang'ono kutsanzika. Chinandiletsa ndi kasitomala wina amene anafuna zithunzi za pasipoti. Mnyamata uja anatambasula dzanja n'kuyatsa kapulinta ka zithunzi. Kanali kozima nthawi yonse imene tinkayesa, popeza anakazimitsa yekha ndisanafike. Chipangizo chokhala ndi magetsi akeake chikakhala chozima, kwa kompyuta chimakhala ngati palibe, ngakhale chingwe chitalowa. Kulakwa kunali kwanga, ndinaona chingwe osaona nyali. Tinazimitsa kompyuta, kapulintako kali koyaka, n'kuyatsanso. Mdima ndi kamzere kophethira.

Mlamu wanga anaweruza pomwepo kuti kapulintako n'kotha ntchito, agula kena. Koma kupeza chingwe chimene chikubweretsa vuto sikutanthauza kuti mwapeza cholakwa. Pa chingwe chimodzi pali zinthu zitatu: chipangizo, chingwe chenichenicho, ndi bowo limene chalowamo. Chilichonse chimayesedwa pachokha, posintha chimodzi n'kusiya zinazo mmene zilili. Ndinasamutsira kapulintako ku bowo lina, vuto linakatsatira, choncho bowo linalibe mlandu. Vutolo likanatsalira pa bowo lakale, moti chilichonse cholowa momo n'kumatsekereza, ndikanaunika ndi tochi kuona ngati kalilime ka pulasitiki kathyoka kapena timawaya tapindika. Mabowo a kutsogolo ndiwo amavutika kwambiri ndi zimenezi, chifukwa ndi momwe anthu amasolola ndi kukankha tsiku lonse, ena mozondotsa. Kenako ndinabwereka chingwe cha pulinta yaikulu, popeza n'zofanana. Palibe chinasintha. Chinatsala ndi kapulintako.

Ndikukayang'anitsitsa ndinaona kutsogolo kwake kampata kolowetsa memori khadi, ndipo m'menemo munali khadi, litalowa mpaka kungotsala nsonga. Mnyamata uja anakumbukira kuti mayi wina anabwera dzulo madzulo ndi zithunzi za chinkhoswe, magetsi n'kuthima asanamalize, iwo n'kunyamuka mumdima khadi kuliiwala. Tinalichotsa, kapulinta kali koyaka, kompyuta inadzuka. Tinalibwezeramo, inakana. Tinalichotsanso, inadzuka. Ndimakonda kubwereza chonchi chifukwa vuto limene mungathe kulibweretsa ndi kulichotsa mwa kufuna kwanu ndi lokhalo limene mungalumbire kuti mwalipeza.

Chimene chinkachitika n'chakuti mapulinta okhala ndi polowetsa khadi amadzionetsa pawiri kwa kompyuta, ngati pulinta komanso ngati disiki. BIOS ya mtundu wakale ikapeza disiki pamwamba pa mndandanda wake, imawerenga kagawo koyambirira ka mabayiti 512 n'kuyang'ana mabayiti awiri otsiriza. Ikapeza chidindo cha `55 AA`, imakhulupirira kuti pamenepo pali malangizo odzutsira kompyuta, imapereka chiwongolero n'kuchokapo, osacheukanso. Makhadi ndi mafulashi ambiri amakhala ndi chidindo chimenechi ngakhale mulibe malangizo alionse omveka. Ndiye kompyuta imapatsidwa kwa woyendetsa amene kulibe. Makina atsopano oyendera UEFI sasochera motere kawirikawiri, chifukwa iwo amafufuza fayilo yeniyeni, monga `\EFI\BOOT\BOOTX64.EFI`, ndipo akaisowa amapitirira kwa wotsatira pa mndandanda. Koma makina ambiri ogwirapo kale ntchito amene ali m'mashopu ndi m'maofesi mwathu anaikidwa Windows m'njira yakale ija, imene mu BIOS imalembedwa kuti `Legacy` kapena `CSM`.

Funso limene linatsala ndi lakuti n'chifukwa chiyani USB inali pamwamba pa hadi disiki. Yankho linali mu uthenga uja mnyamata ankaudumpha. Pa madabodi ya desikitopu pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka mavoliti 3, kolembedwa CR2032. Ndiko kamayendetsa wotchi kompyuta ikachotsedwa kumagetsi, ndipo pa makina ambiri akale ndikonso kamasunga zimene munasankha mu BIOS. Kakatha mphamvu, nthawi iliyonse magetsi akachoka makinawo amaiwala n'kubwerera ku zosankha za kufakitale, ndipo pa makina a alamu zosankha za kufakitalezo zinkaika USB patsogolo. Mnyamatayo anavomera kuti kwa miyezi ingapo wakhala akukonza tsiku ndi nthawi m'mawa uliwonse, popeza usiku amazimitsa soketi ya kukhoma. Vutolo linali litakhala pamenepo nthawi yonseyi, likungodikira tsiku loti china chake chigonere m'makinamo. Kuthima kwa magetsi kumene aliyense ankakuloza chala kunangochititsa kuti mayi aja aiwale khadi lawo.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa. Tinagula kabatire kwa okonza mawotchi, n'kukasintha kompyuta ili yozula kukhoma. Kenako tinalowa mu BIOS, pa gawo la `Boot Order`, n'kukweza hadi disiki pamwamba. Batani lolowera limasiyana malinga ndi makina: pa Dell ndi `F2`, pa HP ndi `F10`, pa makina ambiri olumikiza okha ndi `Del`, ndipo limadinidwa mobwerezabwereza mukangoyatsa. Palinso batani longosankhira podzukira pa ulendo umodzi wokha, `F12` pa Dell, `F9` pa HP. Limeneli ndi lothandiza kwa munthu amene ali pachangu, chifukwa mukasankha hadi disiki pamenepo Windows n'kutseguka, mwadziwa kale kuti nkhani ndi ya mndandanda, disiki ili bwino. Chenjezo limodzi kwa amene ali ndi laputopu ya kuntchito: ngati disiki yake inakhomedwa ndi BitLocker, kusintha zinthu mu BIOS kungachititse kuti ikufunseni nambala yotsegulira ya manambala 48. Musagwiremo musanadziwe kumene nambalayo inasungidwa.

Pa laputopu ntchito yozula ndi yomweyo, kungoti zobisala zimachuluka. Kachidutswa ka mawusi yopanda waya n'kakang'ono moti anthu amaiwala kuti ndi chinthu cholowetsa. Memori khadi imamira yonse m'mbali. M'thireyi mukhoza kukhala DVD ya chaka chatha. Sikirini zina zili ndi mabowo awoawo a USB kuseri, ndipo chimene chalowa mmenemo chimafika ku kompyuta kudzera pa chingwe chimene inu mukuchiyesa cha zithunzi chabe. Pa desikitopu, UPS nayo nthawi zina imakhala ndi chingwe cha USB chopita ku bokosi.

Wina anganene kuti kuyesa chimodzichimodzi n'kutaya nthawi, ndipo pali njira yachidule. Mwa zipangizo zisanu ndi zitatu lowetsani zinayi. Ikakana, wolakwa ali mwa zinayizo, ikadzuka ali mwa zotsalazo. Gawaninso pawiri, kenako pawiri, ndipo maulendo atatu akukwanirani. Njirayi ndi yabwino pamene wolakwa ali mmodzi. Imagwa pamene vuto ndi la kulimbirana magetsi. Taganizani za hadi disiki yakunja ndi sikana, zonse zikudya pa habu imodzi yopanda adaputala yakeyake, habuyo ikukoka pa bowo limodzi la mamiliampu 500. Chilichonse pachokha chimadzuka bwino, zikakumana disiki imangolira kuti tiki tiki osamaliza kuzungulira, BIOS n'kumaidikira. Mukazigawa m'magulu osiyana, magulu onse awiri amaoneka osalakwa. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuwonjezera chimodzi pamwamba pa zimene zapambana kale, osachotsa. Chimene chabweretsa vuto ndimachiyesanso chili chokha, ndipo chikadzuka chokha ndimadziwa kuti nkhani ndi ya magetsi. Mankhwala ake ndi kulowetsa disikiyo molunjika kumbuyo kwa bokosi kapena kugula habu yokhala ndi adaputala.

Ngati wolakwa wapezeka pa siteji ya timadontho tozungulira, mndandanda wa BIOS ulibe nazo ntchito. Dzutsani kompyuta chipangizocho chili chozula, mukachilowetse Windows itatseguka, mupite ku `Device Manager`, muchotse dalaivala wake n'kuika watsopano wochokera kwa amene anapanga chipangizocho. Chikapitiriza, chiyeseni pa kompyuta ina. Chikavutanso kumeneko ndiye kuti chatha.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Mukazula zonse, kutaya magetsi otsalira, kutsala ndi sikirini ndi kiyibodi yobwereka, kompyuta n'kumaimabe pamalo omwewo, lekani kuvutitsa zingwe. Vuto lili mkati: memori, hadi disiki, bokosi la magetsi, kapena Windows yeniyeniyo. Kulira kwa bipu mobwerezabwereza kapena nyali yophethira mwa chiwerengero ndi chinenero cha madabodi, ndipo mmisiri adzafuna kudziwa kuti ikulira kangati. Ngakhale mawu a `Over Current` aja akapitiriza kubwera zonse zili zozula, kawirikawiri ndi bowo lothyoka limene timawaya take tikugundana tokha, ndipo ngati ndi la kutsogolo mmisiri amangozula kachingwe kake pa madabodi. Pa laputopu, kamera ndi Bluetooth nthawi zambiri zimalumikizidwa kudzera pa USB ya mkati, imene simungaizule ndi dzanja muli panja. Mukapita kwa mmisiri muuzeni pamene ikuimira ndi zimene mwazula kale, ndipo wina akafulumira kunena kuti afufute zonse n'kuikamo Windows yatsopano asanatsegule n'komwe BIOS, nyamulani makina anu mafayilo akadalimo.

Kwa alamu tinayesa komaliza khadi lili m'kapulinta, fulashi ili mu habu, soketi titaizimitsa kwa mphindi khumi. Kompyuta inadzuka, nthawi ili yolondola, `F1` osafunsidwanso. Mwini khadi anadzalitenga Lachinayi, zithunzi zake zonse za chinkhoswe zilimo.